Dzina Lomwe Linagwera Pakati pa Masamba

Papelariya yanga, kasitolo ka mapepala ndi zolembera, ili kuseri kwa msika wa ku Insaca, pakati pa wokonza njinga ndi mayi wokazinga mandasi. M'kati muli makina a fotokopiya, impresora yokalamba yosindikizira, komputadoro imodzi ndi ine. Koma anthu sandidziwira zimenezi. Amandidziwira khoma langa lakumaso, pamene ndimamata pauta, mndandanda wa omwe apambana mayeso olowera kusukulu za ntchito. Chaka chilichonse nthawi yake ikakwana, pakhomalo pamadzaza anthu, ena atachokera ku Chiuta ndi ku Amaramba panjinga, aliyense chala chili m'mwamba kufunafuna mwana wake.

Sukulu ina yophunzitsa anamwino ndiyo inkativutitsa kwambiri. Inkaika mayina pa saiti yake ya pa intaneti, poyera kuti aliyense aone, koma popanda poti ulembe dzina n'kulifufuza. Ukatsegula pafoni pankabwera mayina makumi asanu. Ukakankha ndi chala mpaka pansi, kagudumu kankayamba kuzungulira, kenako makumi asanu ena n'kubwera. Kukankhanso, kagudumu kaja. Redi yathu kuno, netiweki ya foni, aliyense akuidziwa: kagudumu kamatha kuzungulira mpaka munthu kumaliza chinangwa chowotcha, ndipo foni ikangodzimitsa, tsamba limabwerera kumayambiriro megasi a intaneti atatha. Ndinaonapo bambo wamkulu ndevu zake akuitukwana foni ngati ikumva.

Ine ndinabadwira ku Malawi nthawi ya nkhondo ya kuno, makolo atathawirako, n'kubwera kuno ndili kumbuyo kwa mayi anga. Nditakula ndinakachita kosi ya makomputadoro ku Cuamba, ndipo ndinabwerako ndi kaluso kolemba timaporogarama ting'onoting'ono, pamodzi ndi matama oposa lusolo. Matamawo sindikuwakana. Ndinatsegula zenera la kuseri kwa saitiyo, limene limaonetsa zomwe komputadoro ikupempha ndi zomwe ikulandira, n'kupeza kuti kagudumu kaja sikanali ndi matsenga alionse. Munthu akafika pansi, tsambalo limangotumiza pempho lakuti ndipatseni tsamba lachiwiri, kenako lachitatu, kenako lachinayi. Ndiye ndinalemba kaporogarama kopempha masambawo limodzilimodzi, kakupuma pang'ono pakati kuti kasalemetse makina a eni ake, n'kumasonkhanitsa mayina onse pamodzi kuti ndisindikize.

Chaka choyamba ndinapsa nazo. Redi inaduka pakati pa ntchito, tsamba lina silinabwere, kaporogarama kanga n'kuganiza kuti mayina atha. Mwamwayi ndinadabwa kuti mapepala achepa, ndisanamate. Ndinakakonza kuti kakalephera kazipemphanso mpaka tsambalo libwere, ndipo kaziima pokhapokha saiti yayankha bwinobwino kuti palibenso dzina. Ndinawonjezanso china: saitiyo inkanena kuchuluka kwa mayina onse, ndiye kaporogarama kankawerenga mizere yomwe katola n'kuyerekeza ndi nambala imeneyo. Zikafanana kankalemba kuti zakwana. Kuchokera pamenepo ndinkayenda ngati munthu amene sangagwenso m'dzenje.

Chaka chimene ndikufuna kunena, panali mtsikana wina wa ku Chiuta amene analembetsera mayeso pa komputadoro yanga. Anali wofatsa, wovala mpango kumutu, ndipo ankawerenga chilichonse kawiri asanasayine. Bambo ake anali msodzi, munthu wamtali wosakonda kulankhula, amene ankabwera kumsika ndi dengu la makumba owamba kumbuyo kwa njinga. Tsiku lolembetsa anandiuza kuti aka n'kachiwiri mwanayo kulemba, ndipo kachitatu kulibe. Mlongo wawo kutsidya ku Malawi anali atapempha kale kuti mtsikanayo apite akamuthandize kugulitsa nsomba ndi kulera ana. Akapambana, sukulu. Akalephera, bwato.

Mayina anatuluka Lolemba. Opambana ankayenera kukachita matrikula, kulembetsa kusukuluko, pofika Lachisanu, apo ayi malo awo apita kwa omwe ali pamndandanda wodikira. Ndinayendetsa kaporogarama kanga m'mawa, redi ikutsimphina monga mwa masiku onse, ndipo pofika masana kanalemba kuti zakwana. Ndinasindikiza, n'kumata ndi phala la chinangwa, n'kukhala pampando kumva anthu akundiyamika.

Bambo aja ndi mwana wawo anafika dzuwa litapendeka. Mtsikanayo anayamba pepala loyamba mpaka lomaliza, n'kubwereranso. Bambo ake anaima patali atagwira njinga. Kenako analowa onse awiri.

"Mama, tationereni m'makinamo," anatero bambowo. "Mwina maso a mwanayu athamanga."

Ndinatenga nambala yake ya mayeso m'faelo ya olembetsa, n'kuifufuza m'mayina omwe ndinatola. Sinapezeke. Ndinafufuza dzina lake, osapezeka.

"Pepani bambo, mulibe."

"Onse ali pakhomapo?" anafunsa mtsikanayo, motsitsa mawu. "Palibe otsala?"

Apa ndiye pamene pamandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinamva ngati kamwana aka kakukayikira ntchito yanga. Ndinatembenuza komputadoro n'kumuonetsa nambala ziwiri zija, ya saiti ndi yanga, zofanana ndendende.

"Waona? Makina sanama, mwanawe. Anthufe ndi amene timanama."

Bambo ake anangoti zonse n'za Mulungu, anandithokoza, n'kutuluka. Ndinawaona akukankha njinga mpaka pamphambano, osakwera, mwana ali pambuyo.

Pali aphunzitsi ena opuma amene amakhala chakuseri kwa sekondale. Alibe mwana aliyense wolemba mayeso, koma pauta iliyonse amaiwerenga yonse, mzere ndi mzere, chala chikuyenda, magalasi ali pansonga ya mphuno. Amati akufuna kuona ana amene anawaphunzitsa. Ine ndinkati akufuna poipa kuti andidzudzule, chifukwa anandiphunzitsapo masamu ndipo sanaiwale kuti ndinkathamangira mayankho. Lachitatu m'mawa analowa m'papelariya osaodira.

"Mwana wanga, kodi sukulu imeneyi yayamba kulandira munthu mmodzi kawiri?"

"Mayina amafanana, aphunzitsi. Kuno ku Niassa mayina tili nawo angati?"

"Mayina amafanana, inde. Nanga nambala ya mayeso imafanananso?"

Ndinatuluka nawo ndikung'ung'udza. Anandilozera mnyamata wina pansi pa pepala lachisanu ndi chiwiri, n'kundilozeranso yemweyo pamwamba pa lachisanu ndi chitatu. Dzina lomwelo, nambala yomweyo, malikisi, amene kuno timati mavalore, khumi ndi atatu. Ndinati ndi zazing'ono, mwina alembi a kusukuluko anabwereza. Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi momwe ankachitira ndili mwana.

"Unandiuza kuti mizere yako yakwana ndendende. Tsono ngati m'kalasi muli mipando yokwana ana onse, yonse yakhalidwa, koma mwana mmodzi wakhalira iwiri, winayo ali kuti?"

Ndinathamangira m'kati, n'kulemba mizere iwiri yoti kaporogarama kawerenge nambala za mayeso zosabwereza m'malo mowerenga mizere. Zinaperewera zitatu. Anthu atatu anali atalembedwa kawiri, ndipo kwinakwake kunali anthu atatu amene saiti inkawadziwa koma khoma langa silinkawadziwa.

Zinanditengera kanthawi kuti ndimvetse momwe zinachitikira, aphunzitsi atakhala pabenchi akudya mandasi ngati ali pachionetsero. Saitiyo inkasanja mayina potengera mavalore, wokhoza kwambiri pamwamba. Koma mavalore amalekezera pa makumi awiri, ndipo anthu opeza khumi ndi atatu anali ochuluka moti ankadzaza masamba angapo. Pakati pa anthu ofananawo makina a sukuluyo analibe lamulo loti uyu atsogole, uyu atsatire. Pempho lililonse ankawasanja momwe zawagwera nthawi imeneyo. Ndinapempha tsamba lachisanu ndi chiwiri, n'kudikira pang'ono, n'kulipemphanso, ndipo mayina a pansi anali atasintha. Ndiye kuti Lolemba lija, pamene ndinkatenga tsamba lachisanu ndi chiwiri, munthu wina anali m'lachisanu ndi chitatu. Pamene ndinkatenga lachisanu ndi chitatu, iye anali atakankhidwira m'lachisanu ndi chiwiri lomwe ndinali nditadutsa kale, ndipo mnzake amene ndinamulemba kale ndi amene anatsikira m'malo mwake. Wina kawiri, wina osaoneka, koma mizere yokwana.

Pa saitiyo panali poti munthu asankhe kusanja mayina potengera nambala ya mayeso. Ndinali ndisanakhudzepo, chifukwa anthu amakonda kuona okhoza kwambiri pamwamba. Ndinadina pamenepo, ndinaona m'zenera lakuseri mawu omwe asintha m'pempho, n'kuwaika m'kaporogarama kanga. Nambala ya mayeso aliyense ali ndi yake, palibe awiri ofanana, choncho palibe amene akanasuntha pamalo pake. Ndinayendetsanso. Redi tsiku limenelo inali yaulesi kuposa kale, tsamba lililonse likubwera ngati lanyamula mtolo wa nkhuni. Ndinali nditalemba nambala ya mtsikana uja pachikhatho, ngakhale ndinalibe chifukwa chenicheni choganizira kuti ndi iye. Atatu pakati pa anthu onse aja akanatha kukhala aliyense. Sindikudziwa chimene ndinkaopa kwambiri, kumupeza kapena kusamupeza.

Zitatha, nambala zosabwereza zinafanana ndi za saiti. Ndinafufuza ya pachikhatho. Inali pomwepo, dzina lake pambali, mavalore khumi ndi atatu, wapambana.

Ndinaiyang'ananso kachiwiri. Aphunzitsi anabwera kudzasuzumira paphewa langa, n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinapitiriza kufufuza otsalawo. Awiri enawo sanali a boma lathu lino ndipo palibe amene anawafufuzapo pakhoma langa, zomwe zinandipepuza pang'ono. Ndinang'amba mapepala akale, n'kumata atsopano, pamwamba n'kulemba ndi dzanja zilembo zikuluzikulu kuti pauta yoyamba inali ndi cholakwa changa, amene sanadzipeze aonenso. Kulemba mawu oti changa kunandipweteka kuposa kung'amba mapepala.

Nambala ya foni imene bambo a mtsikana uja anasiya tsiku lolembetsa sinkalowa. Ndinayesa masana onse, ikungoti yazimitsidwa. Kunyanja foni imatha masiku osaona moto, zimenezo ndinkazidziwa. Ndinapita kwa ogulitsa nsomba kumsika kufunsa mudzi wawo. Mayi wina anawazindikira nditangotchula msodzi wamtali wosalankhula.

"Aja? Si ndi amene akutumiza mwana kutsidya? Ndamva kuti awoloka mawa kapena mkuja."

Lachinayi m'mamawa ndinatseka papelariya n'kukwera mota, njinga yamoto ya hayala. Ndinatenga pepala limodzi, lokhala ndi dzina lake, nditalizunguliza ndi cholembera chofiira, n'kuliika m'pulasitiki pachifuwa. Inali nthawi ya mvula, msewu wa dothi utasanduka phala, ndipo kawiri konse ndinatsika kuti woyendetsa akankhe. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkati ndinena kuti saiti ya sukulu ndi imene inasokoneza, poti zinalidi choncho mbali ina. Koma ndikafika pamenepo ndinkamvanso mawu anga aja oti makina sanama, ndipo mawu okonzawo ankabalalika.

Tinafika dzuwa litakwera. Ana anatilozera nyumba ya pafupi ndi mathandala oyanikira matemba. Bambowo anali pansi pa mtengo akusoka ukonde, chala chaphazi chitakoka ulusi. Pakhonde panali chikwama chomanga kale ndi mtolo wa zovala m'chitenje. Nditaona chikwamacho ndinadziwa kuti sindinachedwe, chifukwa ngati chikwama chilipo ndiye kuti mwini wake sanawoloke.

Anandilonjera mwaulemu wonse, n'kuitanitsa mphasa, n'kufunsa za kunyumba ndi za m'njira. Munthu sungadumphe malonje ngakhale nkhani ikukuwotcha m'kamwa. Atamaliza ndinatulutsa pepala lija.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa. Mwana wanu anapambana. Dzina lake linalimo kuyambira Lolemba. Ine ndi amene ndinalitaya."

Anasiya kusoka. Sanalandire pepalalo, anaitana mwana wawo. Mtsikanayo anachokera kumathandala manja ali mamba okhaokha, anawapukuta pachitenje, n'kulitenga ndi nsonga za zala. Analiwerenga kawiri monga mwa chizolowezi chake. Kenako analowa m'nyumba, anatuluka ndi kapepala kake kolembetsera, n'kuyerekeza nambala imodziimodzi, milomo ikuyenda. Sindinamuimbe mlandu. Atatsimikiza anangokhala pansi pomwepo padothi n'kuphimba nkhope ndi mpango. Mayi ake, amene ankamvetsera pakhomo, anayamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Alhamdulillah," anatero bambowo, pansipansi. Kenako anafunsa. "Linatayika bwanji, mama? Paja munati zakwana."

Ndinayesa kufotokoza za masamba, za mavalore ofanana, za munthu wosuntha pamene ndikutembenuza tsamba. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, n'kunyamula ukonde wawo kundionetsa pamene ankasoka.

"Ukonde ukang'ambika pamsoko, dengu limadzaza ndithu. Munthu amawerenga zomwe wagwira n'kumakondwa. Zomwe zadutsa pabowo saziwerenga."

Sananene mondinyoza, ndipo mwina n'chifukwa chake zinandilowa. Ndinafunsa za bwato. Anati linayenera kunyamuka dzulo lake, koma mwini wake anaona kuti mphepo siili bwino, n'kusunthira Lachisanu. Ndinaganiza za aphunzitsi aja ndi chala chawo, ndi za mphepo imene sindinaitume, ndipo ndinazindikira kuti pa zonse zimene zinapulumutsa mwanayu, nzeru zanga zinabwera pomalizira.

Nthawi yocheza panalibe. Matrikula inali mawa lake, ndipo panafunika zithunzi ndi mafotokopiya a satifiketi. Chikwama chomwe anamangira ulendo wa kutsidya ndi chomwecho chimene anakweza pamota. Mayi ake anangotulutsamo mpeni wotumbulira nsomba n'kuikamo mapepala. Tinakwera atatu pamota imodzi, ine pakati, mtsikanayo kumbuyo chikwama chili pamsana, bambo ake atanena kuti atsatira panjinga. Anthu a m'mudzi anatiperekeza mpaka pamsewu, wina n'kundipatsa mulu wa matemba m'pepala, ine amene ndinkayembekezera kutukwanidwa.

M'njira sitinalankhule zambiri. Titayandikira ku Insaca, pamalo ena pamene woyendetsa anachepetsa liwiro chifukwa cha matope, mtsikanayo anandifunsa chakukhutu.

"Amayi, ndinali ndekha amene ndinasowa?"

"Munali atatu. Enawo si akuno."

"Ndiye iwo awauza ndani?"

Ndinati mwina anaona okha pafoni, kapena kwawoko kuli wina womata pauta. Titafika ndinamupangira mafotokopiya onse, ndipo Lachisanu m'mawa anakwera minibasi yoyamba, imene kuno timati shapa, kupita kusukuluko ndi bambo ake. Masana foni yanga inalira, nambala yachilendo. Anali bambowo, atabwereka foni ya munthu, kungonena kuti zatheka, mwana walembedwa. Ndinatuluka panja n'kukagula mandasi a mbale yonse kwa mayi wa pambali, n'kupita nawo kwa aphunzitsi. Anawalandira osadabwa, n'kundikumbutsa kuti ngakhale m'kalasi ndinkaiwala kubwereza mayankho.

Kaporogarama kaja ndikadali nako. Tsopano kamasanja ndi nambala ya mayeso, kamataya zobwereza, kamawerenga anthu osati mizere, ndipo zikapanda kufanana ndi za saiti kamakana kundipatsa choti ndisindikize. Ndikafuna okhoza kwambiri pamwamba, ndimasanja ndekha ndikatola onse. Pansi pa pauta iliyonse ndimalemba kuti amene sanadzipeze alowe, tifufuze limodzi pa saiti yeniyeniyo ngakhale kagudumu kazungulire mpaka madzulo. Matama sanathe onse, koma mawu oti makina sanama sanatulukenso pakamwa panga.

Papita zaka zingapo. Mwezi wathawu ndinapita kuchipatala cha kuno ku Insaca ndi mwana wanga wamng'ono ku sikelo. Tinali amayi ambiri pabenchi, makhadi titapereka kale. Namwino amene anatuluka ndi mulu wa makhadiwo anali mtsikana uja wa ku Chiuta, yunifomu yoyera, mpango woyera, nkhope yomweyo yosafulumira. Sanandione, ndinali kumbuyo kwenikweni. Anaitana mayina limodzilimodzi, amayi akuyankha n'kumakaima pamzere, mpaka makhadi anatha m'manja mwake. Anzake anali atayamba kale kulowa. Iye anaima pakhomo, anayang'ana mabenchi onse mpaka kumapeto, n'kufunsa.

"Alipo amene sindinamutchule?"

Mtsikana wina wachichepere pakona, khanda lili pamsana, anakweza dzanja mwamanyazi.